Mtengo Ndi Zingati, Tisungitse Liti? Mizere Yochepa Pansi pa Chithunzi cha Ukwati

Chithunzi chili pa Facebook: mkwatibwi akuseka, velo ikuuluzika ndi kamphepo, anamperekeza ataima kumbuyo. Pansi pake anthu akufunsa funso limodzi, lakuti mtengo ndi zingati, ndipo wojambula akuwayankha onse kuti alankhulane kumbali. Ambiri sapitako. Amaganiza kuti mtengo wobisidwa ndi wokwera, kapena kuti umasintha malinga ndi nsapato za wofunsayo.

Vuto limeneli limatha ndi mizere yochepa yolembedwa pansi pa chithunzicho, bola ikhale ndi mtengo komanso nthawi yosungitsira tsiku.

Chimene wojambula maukwati amagulitsa kwenikweni ndi masiku a Loweruka. Maukwati ambiri m'Malawi amachitika m'nyengo yopanda mvula, ndipo kuyambira Juni mpaka Novembala muli masabata pafupifupi 26 okha. Wojambula mmodzi sangakhale ku tchalitchi cha ku Area 18 ndi ku holo ya ku Limbe tsiku limodzi. Loweruka likatengedwa latengedwa. A Seventh Day Adventist, amene kawirikawiri amamangitsa ukwati Lamulungu, amapezako mpata, koma enawo amalimbirana masiku omwewo.

Tiyerekeze wojambula wa ku Lilongwe, ndi mitengo yongopereka chitsanzo. Mzere wake woyamba ungakhale wotere: "Zithunzi za ukwati, Lilongwe: K350,000 mpaka K900,000. Loweruka la Ogasiti mpaka Okutobala, sungitsani kudakali miyezi 6." Mzerewu uyenera kukhala pamwamba penipeni chifukwa Instagram imadula mawu pakadutsa zilembo pafupifupi 125, ndipo otsalawo amawaona yekhayo amene wadina kuti awerenge zambiri. Wojambula amene amayamba ndi moni wautali ndi mawu okoma a chikondi amakwirira mtengo pansi pomwe anthu safikapo.

Koma manambala awiri okha sakwanira. Msungichuma wa komiti ya ukwati akaona K350,000 ndi K900,000 amafuna kudziwa chimene chikusiyanitsa, chifukwa akayenera kukafotokoza pamaso pa amalume ndi azakhali amene akusonkha ndalamazo. Choncho mizere yotsatira inene mosabisa. Pa K350,000 pakubwera wojambula mmodzi kwa maola 6, ndipo zithunzi 200 zokonzedwa ziperekedwa pa fulashi. Pa K900,000 pakubwera ojambula awiri, kuyambira m'mawa mkwatibwi akukonzedwa tsitsi mpaka perekaniperekani atatha, kuphatikizapo abamu ndi kanema. Maolawo ndi ofunika kuwalemba. Perekaniperekani sadziwa wotchi. Mwambo umene unayenera kutha 5 koloko umafika mdima abale a kuchimuna akuvinabe ndi ndalama m'manja, ndipo mkangano wa maola owonjezera umabuka pomwepo ngati mtengo wa ola lililonse sunanenedwe kale. Ngati chinkhoswe chili ndi mtengo wakewake, atero. Ngati ukwati uli ku Mangochi, alembe kuti mafuta a galimoto ndi malo ogona ndi zapadera.

Mtengo wotsikawo ukhale weniweni. Ena amalemba "kuyambira K150,000" pongofuna kukopa anthu, pomwe ndalamayo ndi ya ola limodzi mu situdiyo. Wofunsa akazindikira amaona kuti wapusitsidwa, ndipo amakauza anzake.

Mawu akuti "sungitsani msanga" sathandiza aliyense, chifukwa msanga wa wina ndi sabata ziwiri. Nambala ndiyo imagwira ntchito, ndipo wojambula aipeze m'buku lake lomwe: ayang'ane maukwati a chaka chatha, aone kuti Loweruka lililonse linasungitsidwa kudakali nthawi yaitali bwanji. Akapeza kuti masiku a Seputembala anatha mu Malichi, alembe miyezi 6. Akapeza kuti a Febuluwale, mvula ili mkati, ankapezeka ngakhale kutatsala mwezi, anenenso zimenezo, popeza pali mabanja amene angakonde kumanga ukwati nthawi imeneyo.

Kenako anene chimene chimagwira tsikulo. Kufunsa pa WhatsApp si kusungitsa. Mzere wakuti "tsiku limasungidwa mukalipira theka la mtengo, kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba" umateteza mbali zonse. Popanda mzerewu, banja limakhala phee poganiza kuti wojambula alipo, n'kudzamva kutatsala sabata zitatu kuti tsikulo analipereka kwa ena amene anabwera ndi dipoziti.

Mitengoyo ikhalenso ndi malire a nthawi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe makamera, mabatire ndi mapepala osindikizira abamu zimachokera kunja. Chithunzi cha chaka chatha chimazungulirabe m'mafoni, ndipo wina amabwera nacho kudzaumirira mtengo wakale. Wojambula wathu wa ku Lilongwe atseke ndi mawu akuti "mitengoyi ikugwira mpaka pa 31 Disembala, amene walipira dipoziti sadzakwezeredwa", kenako nambala yake ya foni.