Mipata, Mikombero ndi Mabatani: Kuyala Mawindo pa Sikirini ndi Fayilo Imodzi

Munthu amene anazolowera Windows akaona i3 koyamba amayesa kuti kompyuta yafa. Sikirini ili gwaa, yopanda tizithunzi todina, kamzere kokha m'munsi. Akatsegula pulogalamu imodzi, imadzaza sikirini yonse. Akatsegula yachiwiri, ziwirizo zimagawana malo pakati ndi pakati popanda iye kukoka kalikonse ndi mausi. Mawindo sasanjikizana. Amayalidwa ngati matailosi a pansi m'nyumba, lililonse pamalo pake, ndipo palibe lobisala kumbuyo kwa linzake.

Pulogalamu imeneyi, yomwe imayenda pa Linux, anailemba ndi Michael Stapelberg ndipo inatuluka mu 2009. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuuza windo lililonse poti likhale ndi kukula kwake. Ilibe tsamba la zosankha loti muzidina. Malamulo onse amalembedwa m'fayilo ya mawu wamba yotchedwa `~/.config/i3/config`, yomwe mungaitsegule ndi pulogalamu iliyonse yolembera. Tsiku loyamba i3 imakufunsani funso ili: batani lalikulu likhale Alt kapena lija lili ndi chizindikiro cha Windows? Sankhani lachiwirilo, chifukwa Alt mapulogalamu ambiri analitenga kale. M'fayilo muja zimalembedwa chonchi: `set $mod Mod4`. Kuyambira pamenepo paliponse mukaona `$mod`, dziwani kuti akunena batani limenelo.

Musanasinthe kalikonse, koperani fayiloyo ndi kuisunga pambali. Kenako lembani `i3 --version` mu teminolo. Nambala imene ituluke ndi yofunika pa nkhani ya mipata. Kwa zaka zambiri i3 inalibe mipata pakati pa mawindo, ndipo ofuna mipata ankaika mphukira yake yotchedwa i3-gaps, yomwe ankaisamalira Ingo Bürk. Ziwirizi zinaphatikizidwa mu i3 4.22, yomwe inatuluka mu Januwale 2023. Choncho ngati yanu ndi yakale kuposa 4.22, monga imene imabwera ndi Ubuntu 22.04, mawu akuti `gaps` siiwadziwa ndipo idzangokuuzani kuti mwalakwitsa.

Ngati nambala ili bwino, mizere yake ndi iyi:

```
gaps inner 10
gaps outer 0
smart_gaps on
```

Manambalawa ndi mapikiselo, timadontho tija timene timapanga chithunzi pa sikirini. Mzere woyamba ukusiya mpata wa mapikiselo 10 pakati pa windo ndi linzake. Apa pali kamsampha. Ambiri amaganiza kuti mzere wachiwiri wokha ndi umene ukulamulira mpata wa m'mphepete mwa sikirini, koma zoona zake n'zakuti umangowonjezera pa woyamba uja. Mukalemba 10 ndi 0, m'mphepete mukhala 10. Mukalemba 10 ndi 5, mukhala 15. Wofuna kuti mawindo agunde m'mphepete koma pakati pakhalebe mpata amalemba `gaps outer -10`. Mzere wachitatu umachotsa mipata yonse windo likakhala lokha, pakuti kulekanitsa chinthu chimodzi kulibe tanthauzo.

Zithunzi zimene anthu amanyadira nazo nthawi zambiri zimakhala ndi mipata ikuluikulu, chithunzi chokongola chikusuzumira kumbuyo. Zimasangalatsa maso, koma mpata uliwonse mumaulipira ndi malo ogwirira ntchito. Tiyeni tiwerengere pa laputopu yakale ya mapikiselo 1366 m'lifupi ndi 768 m'litali, mtundu umene ambiri tili nawo. Mawindo awiri akakhala moyandikana, mipata imakhala itatu: kumanzere, pakati, kumanja. Pa mpata wa 10, mwataya mapikiselo 30, otsala 1336, windo lililonse 668. Chotsaninso mkombero wa mapikiselo 2 uku ndi uku, atsala 664. Tinene kuti chilembo chimodzi mu teminolo yanu chimatenga mapikiselo 8. Ndiye kuti pamzere pakwana zilembo 83, ndipo zili bwino, chifukwa mapulogalamu ambiri a mu teminolo amayembekezera zilembo 80.

Tsopano kwezani mpata ufike 30. Mwataya 90, windo lililonse lapeza 638, mkati mwa mkombero 634, zilembo 79. Chapelewera chilembo chimodzi chokha, koma mizere yayamba kuthyoka n'kugwera pansi, ndipo matebulo a manambala sakuwerengekanso. Pa sikirini yaing'ono chotere, ine sindiona chifukwa chopitirira 10. Amene ali ndi sikirini ya 1920 angathe kudzisangalatsa.

Mkombero ndi wofunika kuposa mpata, ngakhale sutchuka. Pamene mausi mwaiika pambali, muyenera kudziwa windo limene likumva kiyibodi pa nthawiyo, apo ayi mudzalemba lamulo m'windo lolakwika, kapena kutseka kalata imene simunasunge. Mwachizolowezi i3 imaika kamutu kokhala ndi dzina pamwamba pa windo lililonse. Kamutuko kamadya malo, ndipo pakati pa mipata sikaoneka bwino, n'chifukwa chake ambiri amakachotsa n'kusiya mzere wokha wozungulira:

```
default_border pixel 2
hide_edge_borders smart
client.focused #285577 #285577 #ffffff #ffcc00 #e06c00
```

Mzere wachiwiri umabisa mkombero windo likakhala lokha. Wachitatu ndi umene umazunguza anthu. Uli ndi mitundu isanu. Itatu yoyambirira ndi ya kamutu kaja: mzere wake, mkati mwake, ndi zilembo zake. Kamutu mukakachotsa, mitundu itatuyo siionekanso pa mawindo oyalidwa moyandikana, ndiye munthu amasintha woyamba kambirimbiri n'kumadabwa kuti palibe chikusintha. Mtundu wa mkombero umene mukuuonawo ndi wachisanu, pano wofiirira ngati lalanje. Wachinayi, wachikasuwo, tiufika posachedwa.

Mukasunga fayilo, dinani `$mod+Shift+c` kuti i3 iwerengenso malamulo. Mudzaona kuti mawindo amene anali otsegula kale akadali ndi timitu tawo. Sikuti mwalakwitsa ayi: `default_border` imagwira pa mawindo atsopano okha. Tsegulani lina muone.

Tsopano kayalidwe ka mawindo, komwe ndiko mtima wa nkhaniyi. i3 siiganiza za mawindo ngati mndandanda. Imawaika m'mabokosi osaoneka, ndipo bokosi likhoza kukhala m'kati mwa bokosi linzake. Bokosi lililonse lili ndi lamulo lake la kayalidwe: moyandikana, motsetsereka pansi, kapena mounjika kuti lioneke limodzi pomwe enawo angoonetsa mayina. Mabatani ake anabwera kale m'fayilo:

```
bindsym $mod+h split h
bindsym $mod+v split v
bindsym $mod+w layout tabbed
bindsym $mod+e layout toggle split
bindsym $mod+a focus parent
```

Tiyerekeze kuti mukufuna windo lalikulu kumanzere lolemberamo, ndipo kumanja mawindo awiri, lina pamwamba lina pansi. Dinani `$mod+Enter` kawiri. Mateminolo awiri agawana sikirini, ndipo lakumanja ndi limene lili ndi mkombero wa lalanje. Dinani `$mod+v`. Zioneka ngati palibe chachitika, ndipo apa ndi pamene ongoyamba amadina mobwerezabwereza n'kukhumudwa. Koma yang'anitsitsani: mzere wachikasu uja, umene unali kumanja kwa windo kapena sunkaoneka n'komwe, tsopano uli m'munsi mwake. Ukukuuzani kuti windo lakulungidwa m'bokosi latsopano, ndipo lotsatira lidzatsegukira pansi. Lamulo la `split` silisuntha zimene zilipo kale, limangokonzera malo zimene zikubwera. Dinaninso `$mod+Enter`, ndipo theka lakumanja ligawika pawiri, lakumanzere osakhudzidwa.

Muli pomwepo, dinani `$mod+w`. Mawindo awiri akumanja aja aunjikana, limodzi likuoneka mokwanira, mayina awo ali pamwamba. Lakumanzere silinasinthe, chifukwa lamulo la `layout` limagwira pa bokosi limene muli, osati sikirini yonse. `$mod+e` iwabwezera m'mene analili. Nanga mukafuna kusuntha mawindo awiriwo pamodzi kupita kumanzere? Dinani `$mod+a` kuti mukwere kuchoka pa windo kufika pa bokosi lake. Mikombero ya onse awiri ikhala ya lalanje, ndipo `$mod+Shift` ndi muvi wakumanzere zinyamula bokosi lonselo. Samalani pano: mukadina `$mod+Shift+q` mutagwira bokosi, mwatseka zonse za m'kati mwake.

Kuyenda pakati pa mawindo kumatheka ndi `$mod` ndi mivi, kapena ndi zilembo `j`, `k`, `l` ndi `;` zimene zili pansi pa zala za dzanja lamanja. Ozolowera pulogalamu yolembera ya Vim amafuna `h`, `j`, `k`, `l` m'malo mwake, ndipo amathamangira kulemba `bindsym $mod+h focus left`. Akangoti awerengetse fayilo, pamwamba pa sikirini patuluka chikwangwani chofiira chonena kuti malamulo ali ndi vuto. Chifukwa chake n'choti `$mod+h` inapatsidwa kale ntchito ya `split h`, ndipo batani limodzi silingagwire ziwiri. Mankhwala ake ndi kusamutsa ntchito yakaleyo, mwachitsanzo `bindsym $mod+b split h`. Sway, mnzake wa i3 amene amayenda pa Wayland ndipo amamva pafupifupi malamulo onsewa, anachita zomwezo m'fayilo yake yoyambira.

Chikwangwani chofiiracho musachiope. i3 siigwa chifukwa cha mzere umodzi wolakwika. Imaudumpha n'kupitiriza, ndipo pa chikwangwanipo pali batani loonetsa mzere umene wavuta. Wochenjera amayamba walemba `i3 -C` mu teminolo, lamulo limene limafufuza fayilo popanda kusintha kalikonse pa sikirini. Likangokhala chete, fayilo ili bwino. Cholakwika china chofala ndi ndemanga. Mzere woyamba ndi `#` i3 imaudumpha, koma chizindikirocho chimagwira ntchito imeneyi kumayambiriro kwa mzere kokha. Mukalemba ndemanga kumapeto kwa lamulo, i3 imaiwerenga ngati mbali ya lamulolo. Ndemanga izikhala pamzere wakewake.

Pa za kukula kwa mpata, simufunika kulowa m'fayilo ulendo uliwonse. Onjezani mizere iwiri iyi:

```
bindsym $mod+g gaps inner current plus 2
bindsym $mod+Shift+g gaps inner current minus 2
```

Tsegulani mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, mukuze kapena kuchepetsa mpata mukuona ndi maso, uku mukuwerenga kuti mwadina kangati. Zosintha za pa batanizi sizilembedwa m'fayilo, ndipo mukazimitsa kompyuta zimatayika. Mukapeza nambala imene siikuthyola mizere ya mu teminolo yanu, ilembeni pa `gaps inner` kuti ikhazikike.