Pulogalamu Ikakana Kulowa mu Foni ya Android

Pulogalamu ya Android imafika mu foni ngati fayilo yomwe dzina lake limathera ndi .apk. Foni isanayiike, imayamba yatsegula fayiloyo n'kuwerenga kachikalata ka m'kati kotchedwa AndroidManifest.xml, komwe kamanena dzina la pulogalamuyo, zilolezo zomwe ikufuna, ndi Android wotsikitsitsa amene ingagwire naye ntchito. Kuwerengako kukalephereka, pamatuluka uthenga wakuti "There was a problem parsing the package".

Nthawi zambiri vuto limakhala fayilo yosakwanira. Netiweki ikaduka kapena bando ikatha fayilo isanamalize kutsika, imaonekabe mu Downloads ngati yabwinobwino. Koma fayilo ya .apk imasunga mndandanda wa zonse za m'kati mwake kumapeto kwenikweni, choncho ngakhale kachidutswa kochepa kakasowa kumeneko, foni siitha kuwerenga chilichonse. Zimachitikanso potumizirana pa Bluetooth kapena Xender. Kuzindikira kwake n'kosavuta: ngati kwa wotumiza fayilo ili 48 MB koma kwa wolandira ili 31 MB, palibe chokonza, m'pofunika kuitenganso.

Fayilo ikakhala yathunthu, chokayikitsa chachiwiri ndi msinkhu wa foni. Pulogalamu yofuna Android 8.0 siilowa mu foni ya Android 7, ndipo mafoni akale ambiri sanena chifukwa chake, amangoonetsa uthenga womwe uja. Nambala ya Android imapezeka mu Settings, pa About phone. Kutsitsanso fayiloyo pamenepa n'kungomwaza bando. Chothandiza ndi mtundu wakale wa pulogalamuyo, ngati eni ake akuuperekabe. Enanso amasintha dzina la fayilo ya .xapk kukhala .apk, osadziwa kuti m'kati mwake muli mafayilo angapo omwe amafuna pulogalamu ina yowaikira.

Uthenga wa "Insufficient storage available" ndiye umazunguza anthu, chifukwa umatuluka foni ikuonetsa kuti malo alipo. Pulogalamu ya 60 MB siidya 60 MB yokha. Foni imasunga fayilo yotsitsidwayo, imaikopera kumalo kwa mapulogalamu, kenako imamasula zigawo zina n'kuzikonza kuti zizithamanga msanga. Pamwamba pa apo, Android amasiyiratu malo ena oti asakhudzidwe, omwe amatha kufika 500 MB, kuti foni isaime. Motero foni yotsala ndi 400 MB ikhoza kukana pulogalamu yaing'ono ndithu.

Memore khadi siithandiza kwenikweni, pakuti nthawi zambiri mapulogalamu amalowa m'malo a m'kati mwa foni, ngakhale khadiyo ikhale yopanda kanthu. Ntchito yake ndi kulandira zithunzi ndi mavidiyo kuti m'katimo mupepuke. Pa mafoni a 16 GB, chodzaza kwambiri amakhala mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, omwe amafufutika pa Storage and data, kenako Manage storage. Clear cache imachotsa zosungidwa kwakanthawi zokha, pomwe Clear data imafufuta zonse za pulogalamuyo mu foni, kuphatikizapo mauthenga omwe sanasungidwe kwina.