Khosi louma, manja onjenjemera: zotsatira za mankhwala a matenda a maganizo

Mu 1952, madokotala awiri a pa chipatala cha Sainte-Anne ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anayamba kupatsa odwala awo kolopulomazini. Anthu amene ankamva mawu osaoneka eni ake, ena okhulupirira kuti akusakidwa, anayamba kudekha. Koma posakhalitsa madokotala anaonanso china: ambiri mwa odwalawo ankayenda mokhwekhwereza mapazi, manja akunjenjemera, nkhope ili gwa. Haloperidolo, amene kampani ya Paul Janssen inapanga ku Belgium mu 1958, anali wamphamvu koposa, ndipo ankaumitsa thupi koposanso.

Mankhwala awiriwa ali m'gulu la akale, ndipo mpaka lero ndi amene odwala ambiri amalandira m'zipatala za boma ku Malawi, limodzi ndi jakisoni wa pamwezi wa fulufenazini. Gulu lachiwiri ndi la atsopano, monga lisiperidoni, olanzapini ndi kolozapini. Kusiyana kwa magulu awiriwa kwagona pa madzi ena a mu ubongo otchedwa dopamini.

Dopamini amanyamula uthenga kuchoka ku selo imodzi ya ubongo kupita ku inzake. Akafika amalowa m'malo ake olandirira otchedwa D2, monga momwe kiyi amalowera m'loko. Mankhwalawa ali ngati kiyi wolowa koma wosatembenuka: atseka pakhomo, dopamini n'kusowa polowera. Pa njira ya ubongo yokhudza maganizo, pomwe dopamini amachuluka mwa munthu wodwala, kutsekako n'kumene kumachiritsa. Vuto n'lakuti piritsi silisankha njira. Limatsekanso njira ina yomwe imayendetsa minofu, njira yomweyo imene imawonongeka mwa anthu odwala matenda a Parkinson.

Akatswiri ojambula ubongo ku Stockholm ndi ku Toronto anayeza kutsekaku. Anapeza kuti mankhwala amayamba kuthandiza akatseka malo pafupifupi 65 mwa 100 aliwonse, ndipo thupi limayamba kuuma akafika cha m'ma 80. Mpata wake ndi wochepa choncho. Haloperidolo wa mamiligalamu 2 mpaka 5 patsiku amafikitsa kale anthu ambiri mumpatawo. Kuwonjezera apo nthawi zambiri sikuwonjezera kuchira, kumangowonjezera mavuto.

Titenge chitsanzo cha mnyamata wa zaka 22 amene wayamba haloperidolo wa mamiligalamu 5 kawiri patsiku. Tsiku lachitatu khosi lake lapindikira kumbali, maso atembenuzikira kumwamba, lilime latuluka ndipo akulephera kulibweza. Abale akhoza kuganiza kuti ndi khunyu kapena ziwanda. Koma mnyamatayo sanakomoke: akumva zonse, ali ndi mantha, ndipo akumva kupweteka. Uku n'kukokana kwa minofu kumene kumabwera m'masiku asanu oyambirira, makamaka kwa anyamata. Kumachitika chifukwa dopamini akatsekeredwa, madzi ena otchedwa asetikolini amakhala opanda wowabweza. Jakisoni wochepetsa mphamvu ya asetikolini amamasula minofu pasanathe ola, ndipo dokotala amatsitsa mlingo wa haloperidolo. Kukokanako kukafika pakholingo, munthu n'kumabanika, kumeneko n'kothamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Patapita milungu iwiri kapena itatu, mnyamata yemweyo akhoza kuyamba kulephera kukhala pansi. Akakhala pampando miyendo ingogwedezeka, aimirira, azungulira bwalo, akhalanso, aimiriranso. Mumtima muli piringupiringu wosaneneka. Apa ndi pamene anthu amaphonya kawirikawiri. Poona ngati matenda akula, amawonjezera mankhwala, ndiye kusakhazikikako kumakula nako. Funso lothandiza ndi lakuti: kodi zimenezi zinayamba mankhwala atayambidwa kapena atawonjezedwa, ndipo kodi vuto lili m'miyendo? Ngati ndi choncho, chofunika n'kutsitsa mlingo, ndipo ena amapatsidwa pulopulanololo. Kusakhazikika kumeneku kumasautsa kwambiri moti ena amasiya mankhwala, ena amafika poganiza zodzipha.

Vuto lachitatu limabwera pang'onopang'ono m'milungu kapena m'miyezi yoyamba. Munthu amayenda timasitepe tating'ono, manja osagwedezeka m'mbali, dovu likuchucha, zala zikunjenjemera. Namwino akapinda ndi kuwongola chigongono chake amamva mkono ukukana, ukuyenda modukizadukiza. Piritsi la benzihekisolo limathandiza, ngakhale limaumitsa kukamwa, kusokoneza maso ndi kudzimbitsa.

Lachinayi ndi lochedwa, ndipo ndi limene madokotala amaliopa. Pakatha miyezi yambiri kapena zaka, milomo imayamba kutafuna popanda chakudya, lilime kutuluka ndi kulowa, zala kuvinavina, mwiniwake osadziwa n'komwe. Zikuoneka kuti malo olandirira dopamini, atatsekedwa nthawi yaitali, amachuluka ndi kuyamba kumva msanga. Pa mankhwala akale, pafupifupi anthu 5 mwa 100 aliwonse amayamba vutoli chaka chilichonse, ndipo okalamba amalipeza msanga kuposa pamenepo. Kwa ena silitha ngakhale mankhwala atasiyidwa. Benzihekisolo, yemwe amathandiza pa kuuma thupi, pano amawonjezera vuto.

Kolozapini ndiye anaonetsa kuti n'zotheka kuchiritsa maganizo popanda kuumitsa thupi. Amagwira D2 mofooka n'kutaya msanga, ndipo nthawi zambiri satseka malo ofika pa mlingo woumitsa uja. Mankhwala atsopano ambiri amatsekanso malo ena olandirira serotonini, zomwe zimamasulako dopamini pa njira ya minofu. Koma kolozapini ali ndi choopsa chake. Mu 1975 ku Finland odwala 8 anamwalira chifukwa mankhwalawa anawathera maselo oyera a m'magazi, ndipo mayiko ambiri anawasiya. Anabwereranso kafukufuku wa John Kane wa mu 1988 ataonetsa kuti amathandiza anthu amene mankhwala ena awakanika. Womwa kolozapini amayezedwa magazi pafupipafupi.

Lisiperidoni anatuluka mu 1993, olanzapini mu 1996. Onsewa saumitsa thupi kwambiri ngati haloperidolo, koma malire a magulu awiriwa si akuthwa. Lisiperidoni akapitirira mamiligalamu 6 patsiku amayamba kuumitsa ngati akale. Olanzapini amakulitsa njala, kunenepetsa ndi kukweza shuga ndi mafuta m'magazi. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2005, wa odwala pafupifupi 1,500, anapeza kuti perifenazini, mankhwala akale operekedwa pa mlingo wosapitirira, ankagwira ntchito mofanana ndi atsopano angapo. Odwala 74 mwa 100 aliwonse anasiya kapena kusintha mankhwala awo isanathe miyezi 18.

N'chifukwa chake dokotala amayang'ana munthu amene ali patsogolo pake. Kwa mayi wokalamba, kapena mnyamata amene khosi linamupindikapo kale, mankhwala atsopano akhoza kukhala abwino. Kwa bambo wonenepa wa matenda a shuga, haloperidolo wochepa akhoza kuposa olanzapini. Jakisoni wa pamwezi amathandiza oiwala kumwa mapiritsi, koma akalowa m'thupi sangachotsedwe, ndiye woyamba amaperekedwa wochepa, woyesera.

Wodwala asasiye mankhwala mwadzidzidzi payekha, chifukwa matenda amabwerera. Achibale azinena kukiliniki tsiku limene kunjenjemera, kusakhazikika kapena kutafuna milomo kunayamba, popeza tsikulo limathandiza kusiyanitsa matenda ndi zotsatira za mankhwala. Pali chizindikiro chimodzi chosadikira tsiku lobwerera kukiliniki: thupi lonse kuuma, kutentha kwambiri, thukuta kamukamu ndi kusokonezeka mutu. Sizichitika kawirikawiri, koma zimapha, ndipo wodwala wotere apite naye kuchipatala tsiku lomwelo asanamwe piritsi lina.