Moto wa kandulo umayamba iye akamatha

Ife ozimitsa moto tikamaliza kuthira madzi pa nyumba yomwe yapsa, ntchito yachiwiri imakhala yofufuza pomwe moto unayambira. Anthu amaganiza kuti phulusa ndi phulusa basi, koma khoma limanena. Moto umakwera m'mwamba uku ukufalikira m'mbali, ndiye umasiya chizindikiro cha mwaye chotambalala pamwamba, chopyapyala pansi. Tikatsata chizindikirocho mpaka pansi penipeni, m'nyumba zomwe munalibe magetsi usikuwo nthawi zambiri timapeza phula losungunuka, kapena kachitini ka koloboyi, pafupi ndi pogona.

Eni nyumba amakonda kunena kuti, "Kandulo sanagwe, ndinamumata bwinobwino." Ndimawakhulupirira. Kandulo sachita kugwa kuti awotche nyumba. Nthawi yake yoopsa kwambiri ndi pamene akutha, lawi likafika pa chinthu chomwe anamumatapo.

Tiyeni titsate usiku umodzi. Magetsi azima cha m'ma 6 koloko madzulo, monga zinkachitikira pafupipafupi mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Mayi ayatsa kandulo kuti ana adye ndi kulemba za kusukulu. Pofika 9 koloko kwatsala kachiduswa kotalika ngati chala. Akadonthezera phula pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi bedi, akamatapo, alowa m'neti kuti ayamwitse khanda, tulo n'kuwaba. Kandulo wamba amafupika pafupifupi masentimita awiri kapena atatu pa ola, malinga ndi kunenepa kwake. Ndiye kachiduswa kaja kali ndi maola awiri kapena atatu. Katha cha pakati pa usiku, aliyense ali m'tulo tofa nato.

Pamenepo phula lotsala limasungunuka lonse, chingwe n'kugona m'phulamo chikuyakabe. Pakadakhala pa mbale ya chitsulo kapena ya dothi, bwenzi lawi litangozima lokha. Koma pulasitiki imafewa, imabooka, kenako imayaka, ndipo imadontha madontho a moto pansi. Dontho limodzi likagwera pa mphasa, pa chovala kapena m'mphepete mwa neti, moto wapeza njira. Thabwa la tebulo limachedwerapo, koma likamwa phula nalo limayaka.

Neti ndi matiresi ndi zomwe zimandidetsa nkhawa kwambiri. Maneti a udzudzu amapangidwa ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo moto ukawakhudza amasungunuka n'kumadonthera yemwe wagona m'katimo, n'kumamatirira pakhungu. Musandimve molakwa, neti tiyenera kugonamo, malungo ndi oopsa. Chofunika kusuntha ndi kandulo. Matiresi a siponji nawo akagwira moto amatulutsa utsi wakuda wokhala ndi mpweya wa poizoni. Utsiwo umayamba wadzaza kudenga kenako n'kumatsika. Munthu amene ali m'tulo asadalire kuti fungo limudzutsa, chifukwa mpweya umenewu umamufooketsa ndi kumusokoneza mutu. Pa ngozi za moto wa m'nyumba, utsi ndi umene umapha anthu ambiri kuposa malawi. Ndipo m'chipinda chaching'ono chodzaza ndi zovala, makatani ndi matiresi, mphindi zitatu kapena zisanu n'zokwanira kuti zonse ziyake nthawi imodzi. Ngakhale galimoto yathu itanyamuka pompopompo, imafika zinthu zitatha kale. Onjezanipo mawindo a zitsulo ndi chitseko chokiya, kiyi wake ali m'thumba la malaya omwe sakuoneka mu utsi.

Nyali ya palafini ili ndi khalidwe lina. Palafini weniweni sachedwa kuyaka pa chingwe, koma ali m'botolo mozizira satulutsa nthunzi yokwanira kugwira moto, mpaka atatentha kufika madigiri pafupifupi 38 kapena kuposerapo. N'chifukwa chake anthu akhala naye m'nyumba zaka zonsezi. Petulo ndi wosiyana kwambiri. Amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kuzizire chotani, ndipo nthunziyo imalemera kuposa mpweya, imayenda pansipansi kufuna lawi. Petulo pang'ono akasakanikirana ndi palafini, kaya pothira m'chigubu chomwe munali petulo, kaya wogulitsa wasakaniza, nyali ikhoza kubuka moto poyatsa. Ngati mafuta akununkhira petulo, kapena lawi likudumphadumpha ndi kukula modabwitsa, zimitsani, musawagwiritsenso ntchito.

Ngakhale mafuta ali abwino, kuthira palafini nyali ikuyaka ndi kulakwa komwe ndimakuona kawirikawiri. Munthu akuopa mdima, ndiye akuti angowonjezera msangamsanga. Kachitini kamakhala katatentha kale, mafuta amadonthera pa manja ndi pa chitenje, lawi lili pomwepo. Zimitsani, dikirani nyali izizire, kathireni panja, pukutani, muyatse m'manja muli mouma. Nyali ya koloboyi ndi yoopsa kuposa ya galasi pa zifukwa ziwiri: lawi lake lili poyera, ndipo ndi yopepuka, mwana kapena mphaka akangoigunda mafuta onse amatayika akuyaka.

Apa ndi pomwe madzi amapusitsa anthu. Palafini ndi wopepuka kuposa madzi, sasakanikirana nawo, amayandama pamwamba. Mukathira ndowa ya madzi pa palafini woyaka, mwamunyamula n'kumufalitsa chipinda chonse, mpaka kunsi kwa bedi. Moto wa mafuta timauzimitsa poumana mpweya: mchenga, dothi, kapena bulangeti lochindikala lonyowa, kuuphimba wonse osasiya mpata. Izi zimatheka moto ukadali waung'ono. Ukafika pa katani kapena pa matiresi, tulutsani anthu, yendani chokwawa kunsi kwa utsi, tsekani chitseko cha chipindacho potuluka, ndipo wina asabwererenso kukatenga ndalama kapena mapepala.

Tochi kapena nyali ya sola imachotsa vuto lonseli, ndipo amene angakwanitse agule. Koma ndikudziwa kuti batire limatha ndipo kandulo amagulidwa mmodzimmodzi pa okala, ndiye tiyeni timukonzere malo. Tengani botolo la galasi lapakamwa potambalala, muthiremo mchenga wouma mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, muzike kandulo pakati, atakhala wamfupi moti lawi lili m'kati mwa galasi. Mchenga umalemeretsa botolo kuti lisagwe chisawawa, galasi limatchinga mphepo ndi nsalu, ndipo kandulo akatha lawi limafera mu mchenga. Liikeni mita yathunthu kutali ndi neti ndi makatani, pamwamba pake pasakhale shelefu kapena chovala chopachika, chifukwa kutentha kumakwera molunjika. Kiyi akhale pachitseko kapena pa msomali womwe ana akuudziwa. Mwambo wotsekera ana m'nyumba kandulo akuyaka, makolo n'kupita kumaliro kapena kumsika wa usiku, ndimaudana nawo kwambiri, pakuti mwana akaopa moto amabisala kunsi kwa bedi m'malo mothawa.

Wina akagwira moto pa zovala, asathamange. Agone pansi, agubuduzike, mumuphimbe ndi bulangeti. Pamalo popsapo thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, muvule mphete ndi zibangili kusanatupe, koma nsalu kapena neti yomwe yamatirira pakhungu musaikoke. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena phulusa. Phimbani ndi nsalu yoyera, mufunditse wopsayo kuti asazizidwe, ndipo ngati wapsa kumaso, m'manja, kumaliseche kapena malo okulirapo kuposa chikhatho chake, kapena ngati wapuma utsi ndipo mawu asasa, pitani naye kuchipatala usiku womwewo.