Kalata ya malume kwa mwana woyamba kutenga digiri pabanja

Mwambo wopereka madigiri ukatha ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, abale amathamangira kukajambulitsa ndi mwana wawo atavala gauni. Pakati pa nthungululuzo pamakhala bambo wina atagwira envelopu. Ameneyo ndi malume, ndipo m'envelopumo muli ndalama pang'ono ndi kalata. Ngati mtsikanayo ndi woyamba pabanja lonse kumaliza yunivesite, kalata imeneyi imatha kumupeputsa mtima, komanso imatha kumusenzetsa katundu asanavule n'komwe gauni.

Mawu a malume amalemera chifukwa cha udindo wawo. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, komwe mtundu umatsata kuchikazi, malume kapena kuti atsibweni ndiwo mwini mbumba. Mwana wa mlongo wawo akadwala amauzidwa, akafuna kukwatiwa amaima ngati ankhoswe, ndipo fizi ikavuta amayi a mwanayo amagogoda pakhomo pawo. Choncho mwanayo akawerenga kalata yawo amamva kuti mtundu wonse wayankhula.

Choyamba chimene kalatayi iyenera kuchita ndi kutchula bwinobwino chimene mwanayo wakwanitsa. Kungolemba kuti “wamaliza sukulu” n'kuchepetsa nkhani, pakuti mawu omwewo timanenera wa Fomu 4. Malume afunse dzina la digiriyo ndi sukulu yake, alembe molondola. Izi n'zofunika kwambiri masiku ano chifukwa mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa: ya ku Zomba idatsala ndi dzinalo, Politekiniki ya ku Blantyre idakhala MUBAS, ndipo sukulu za udokotala ndi unamwino zidaphatikizana kukhala KUHeS. Asamukwezenso udindo umene alibe. Amene waphunzira unamwino si dokotala, ndipo ngakhale unamwinowo sangauyambe bungwe loona za anamwino ndi azamba lisanamupatse chilolezo. Kumutcha “adokotala” pamaso pa anthu kumamusiyira ntchito yowongolera akuluakulu kumudzi, zimene mwana waulemu amachita nazo manyazi.

Tiyerekeze malume a ku Dedza, mlimi wa mbatatesi, akulembera mwana wa mlongo wawo amene wamaliza maphunziro a zaulimi ku Bunda. Kalata yawo ingakhale yotere:

“Wokondedwa Naphiri, ndakulembera kuti ndikuyamikire potenga digiri ya zaulimi ku LUANAR. Zaka 16 zapita chiyambire Sitandade 1, ndipo pamtundu pathu palibe adafikapo pamene wafika iwe. Ndikukumbuka uli Fomu 2, m'mene unkapalasa njinga m'matope kupita kusukulu, amayi ako atagulitsa mbuzi ziwiri kuti fizi ikwane. Ife tidathandiza ndi ndalama, koma mayeso udalemba wekha. Zimene tidapereka sizidali ngongole, ndipo palibe adzabwere kudzakulipiritsa. Ntchito ikachedwa usachite manyazi kubwera kunyumba, khomo langa n'lotsekula. Kangachepe kali m'envelopumu ndi koyendera pofunafuna ntchito. Agogo ako akadakhala moyo, bwenzi lero akuvina. Ndine malume ako.”

Kalatayi ndi yaifupi, yokwana tsamba limodzi la kope, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito. Zaka 16 ndi zowerengeka: 8 kupulayimale, 4 kusekondale, 4 kuyunivesite, ngati mwanayo sadabwereze kalasi. Nkhani ya njinga ndi mbuzi ikusonyeza kuti malumewo ankaona zimene mwanayo ankadutsamo, ndipo ndi imene ikusiyanitsa kalatayi ndi khadi logula m'sitolo. Chokumbukira chimodzi n'chokwanira. Mukayamba kundandalika fizi ya teremu iliyonse, thumba lililonse la ufa ndi ndalama iliyonse ya basi, kalatayo yasanduka lisiti.

Apa m'pamene makalata ambiri amakhotera. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndipo ena amangomva mbali yakudyayo. Amayamba ndi kuyamikira, kenako n'kulemba kuti, “Tsopano azing'ono ako onse akuyang'ana iwe, denga la agogo likudontha, ndipo feteleza wa chaka chino tadalira iwe.” Wolembayo amaona ngati akulemekeza mwanayo pomuyesa munthu wamkulu. Mwanayo amawerenga mndandanda wa mavuto amene alibe nawo ndalama.

Chifukwa chake n'chakuti digiri si malipiro. Omaliza maphunziro ambiri amakhala nthawi ndithu akuponya makalata ofunsira ntchito, ena n'kuyamba ndi ntchito yongophunzirira ya ndalama yochepa. Amene adaphunzira ndi ngongole ya bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite ayenera kudzaibweza. Woyamba pabanja alibenso mkulu wake mumzinda womusunga kapena womuuza komwe kwatuluka mwayi. Akasenzetsedwa banja lonse tsiku loyamba, chizindikiro chake chimaoneka msanga: amasiya kuyankha foni, Khirisimasi sabwera kumudzi, ndipo abale amayamba kunena kuti sukulu yamupatsa matama, pamene iye akuthawa manyazi obwera chimanjamanja.

Sikuti nkhani yothandiza abale ndi yoletsedwa. Mwana woleredwa ndi mbumba amadziwa kale za ang'ono ake, safunika kukumbutsidwa pa tsiku la chisangalalo. Ikadzafika nthawi, atayamba kulandira, malume angakhale naye pansi n'kugwirizana chinthu chimodzi chotheka, monga fizi ya mwana mmodzi. Imeneyo ndi nkhani ya pakamwa, yoti onse awiri ayankhulepo. Kalata sipereka mpata woyankha.

Nkhani ina yoyenera kuisiya ndi ya ukwati. Popeza malume ndiwo ankhoswe, dzanja limayabwa kulemba kuti, “Tsopano tikudikira mkamwini,” kapena kuchenjeza kuti mkazi wophunzira kwambiri amaopseza amuna. Mwana wamwamuna salemberedwa zotere. Kwa mtsikana amene wapirira zaka zonsezi anzake akusiyira panjira, mawu amenewa amamuuza kuti digiriyo siidakwane. Chimodzimodzi kumuyerekeza ndi abale ake amene sukulu idawakanika. Kalata imayenda m'manja ambiri, ndipo chiganizo chimodzi chonyoza msuweni chingadanitse ana a mbumba imodzi kwa zaka.

Pa kalembedwe, malume asankhe malingana ndi komwe kalatayo ikawerengedwe. Ngati ndi ya mwanayo yekha, “iwe” ndi wachikondi ndipo ndi m'mene amayankhulirana masiku onse. Ngati ikawerengedwa paphwando, pamaso pa amfumu ndi akumpingo, ndi bwino kunena kuti “inu” ndi kumutchula ndi mfunda wake, posonyeza kuti tsopano ndi munthu wamkulu. Zikatero, nkhani ya mbuzi zogulitsidwa ifunika kuyamba yapemphedwa kwa amayi ake, chifukwa si aliyense amafuna kuti umphawi wake ulengezedwe pagulu. Alembe m'chiyankhulo chimene amayankhula naye. Palibe chifukwa chovutikira ndi Chingerezi poopa kuti mwanayo ndi wophunzira. Malume amene kulemba kumawavuta angauze munthu wina kuti awalembere, koma mawuwo akhale awo. Amene ali kutali, monga ku Joni, angatumize uthenga wa mawu pafoni, ngakhale pepala limasungika kuposa foni imene ingabedwe kapena kuwonongeka.

Inu amalume amene mwana wa mlongo wanu akuvala gauni chaka chino, funsani dzina la digiri yake, kumbukirani chinthu chimodzi chimene adapirira, ndipo muuzeni momveka kuti alibe nanu ngongole. Za feteleza ndi denga la agogo mudzakambirane akadzayamba kulandira malipiro.