Silaidi yomaliza isamangoti zikomo

Kale ndinkatseka PowerPoint yanga ndi silaidi ya "Zikomo" yokha. Tsiku lina ku Chipata, nditafotokozera atsogoleri a makopaletivu a mtedza zogulitsa pamodzi, mayi wina wa ku Katete anandifunsa: "Nanga ife tichite chiyani?" Ndinasowa chonena.

Silaidi yomaliza ili ngati chikwangwani cha pamphambano: imatsala pakhoma nthawi yonse ya mafunso, ndiye iloze njira. Pamwamba ndimalemba masitepe atatu, lililonse ndi wochita ndi tsiku lake. Pansi, m'zilembo zazikulu, pempho limodzi: "Kopaletivu iliyonse inditumizire chiwerengero cha matumba pofika Lachisanu." Mukapempha zinthu zinayi, aliyense amasankha chopepuka. Nambala ya foni ikhale pomwepo. Zikomoyo nenani pakamwa.