Kubisa malipiro a antchito popanda kusokoneza mabuku a ndalama

M'makampani ndi m'mabungwe ambiri, mabuku a ndalama ali pa kompyuta, m'mapulogalamu monga QuickBooks, Sage kapena Odoo. Wogulitsa katundu, wa kusitolo ndi kalaliki onse amalowa mu pulogalamu imodzi. Mabwana safuna kuti aliyense aziona malipiro a mnzake, komabe akauntanti ayenera kutsimikizira mwezi uliwonse kuti zotuluka kubanki zikugwirizana ndi za m'mabuku. Zonse ziwiri n'zotheka, bola mayina a anthu asafike m'buku lalikulu la ndalama.

Ambiri amayamba ndi kutseka gawo la malipiro. Mwachitsanzo, QuickBooks Desktop ili ndi chilolezo chotchedwa `Payroll and Employees`, chimene mungapereke kwa anthu awiri okha. Koma ngati malipiro a wantchito aliyense akulowa m'buku lalikulu pamzere wakewake, yense wotsegula lipoti la `General Ledger` awerenga dzina ndi ndalama zomwe. Sitetimenti ya kubanki nayonso imaulula zomwezo kampani ikamalipira munthu mmodzimmodzi. Zili ngati kukhoma chitseko cha kumaso, cha kuseri chili pululu.

Njira yodalirika ndi kugawa ntchito pawiri. Amene amakonza malipiro asunge mndandanda wa mayina m'gawo lotsekedwa, kapena mu pulogalamu ina yapadera. Kwa akauntanti kupite ziwerengero zophatikiza zokha.

Tiyerekeze kampani ya antchito 20, imene malipiro onse a mwezi asanadulidwe ndi K10,000,000. Tinene kuti msonkho wa PAYE wakwana K1,800,000. Gawo la penshoni la antchito, lomwe m'Malawi muno ndi 5 peresenti, ndi K500,000, ndipo ngongole zimene antchito akubweza ndi K200,000. Zotsala zopita m'manja mwa anthu ndi K7,500,000. M'buku lalikulu mulowa mizere isanu yokha: wa malipiro onse, wa msonkho, wa penshoni, wa ngongole, ndi wa K7,500,000 ija, imene imaikidwa mu akaunti yodutsiramo malipiro. Gawo la 10 peresenti la penshoni limene kampani imaonjezera limalembedwanso chophatikiza. Palibe dzina la munthu pa mzere uliwonse.

Kenako wokonza malipiro amatumiza mndandanda kubanki kuti ilipire onse pamodzi. Apa funsani banki yanu ngati sitetimenti idzaonetsa mzere umodzi kapena mizere 20. Ikakhala yoonetsa aliyense payekha, tsegulani akaunti ina ya malipiro okha, imene sitetimenti yake izionedwa ndi anthu ochepa, ndipo muzisamutsirako ndalama zonse kamodzi kuchokera ku akaunti yaikulu.

Ntchito ya akauntanti tsopano ndi yosavuta. Akaona K7,500,000 yatuluka kubanki, amailemba mu akaunti yodutsiramo ija, ndipo akauntiyo imatsala pa ziro. Amachitanso chimodzimodzi ndi msonkho ukapita ku MRA, komanso penshoni ikaperekedwa. Ziroyo ndiye umboni wakuti zonse zayenda bwino.

Nanga ikapanda kufika pa ziro? Tinene kuti banki yabweza K350,000 chifukwa nambala ya akaunti ya wantchito wina inalakwika. Akaunti yodutsiramo ionetsa kuti kampani ikadali ndi ngongole ya K350,000. Akauntanti sakufunika kudziwa mwini wake. Angouza wokonza malipiro kuchuluka kwa ndalamazo ndi tsiku, iye n'kufufuza pa mndandanda wake, kukonza nambala ndi kulipiranso.

Njirayi ili ndi malire ake. Mabuku akamagawa malipiro potengera nthambi, ndipo nthambi ina ili ndi munthu mmodzi, chiwerengero cha nthambiyo ndiye malipiro ake. Nthambi zazing'ono zotere ziphatikizidwe ndi zina. Chachiwiri, kuona ziwerengero zophatikiza zokha sikungagwire wantchito wa mzukwa, yemwe dzina lake lili pa mndandanda koma mwini wake kulibe. N'chifukwa chake payenera kukhala munthu wachiwiri, monga mkulu wa zachuma, woona mndandanda wonse ndi kuusainira usanapite kubanki. Chachitatu, chinsinsi chimathanso pamene lipoti lasamutsidwira mu Excel n'kutumizidwa pa WhatsApp, kapena pamene ofesi yonse ikulowa mu pulogalamu ndi dzina limodzi la `Admin`.

Mukamaliza kukonza zilolezo, yesani nokha. Lowani ndi dzina la kalaliki wamba, tsegulani buku lalikulu ndi tsamba la kubanki, kenako fufuzani dzina la wantchito mmodzi. Dzinalo likatuluka pamodzi ndi malipiro ake, ndiye kuti ntchito yotseka sinathe.